Mawu owerengeka uku ndi uku: chifukwa chake sikweya ya SATOR imakana Chichewa, ndi momwe tingaigonjetsere

Lembani mawu oti ana papepala, kenako muwawerenge kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro. Mupezanso ana. Chitani chimodzimodzi ndi eni, mupeza ine. Mawu awiriwa akuonetsa mitundu iwiri ya zinthu zimene anthu okonda masewera a malembo amazisaka usiku ndi usana. Mtundu woyamba ndi palindiromu, mawu osasintha ngakhale muwawerenge chobwerera. Dzinali linachokera ku Chigiriki, ku mawu awiri otanthauza kuthamanga ndi kubwereza. Mtundu wachiwiri ndi mawu otembenuzika, amene mukawawerenga chobwerera amabala mawu ena enieni okhala ndi tanthauzo lina.

Paokha mawu oterewa ndi kanthu kongosangalatsa. Amasanduka nkhani yaikulu akalowa m'masewera a timabokosi, momwe lembo lililonse limagwira ntchito mbali zingapo nthawi imodzi. Masewera otchuka kuposa onse a mtundu umenewu ndi sikweya ya mawu asanu a Chilatini iyi:

S A T O R
A R E P O
T E N E T
O P E R A
R O T A S

Werengani mizere kuchokera kumanzere, mupeza mawu asanu. Werengani chotsika, mupeza omwewo. Yambirani pakona yapansi kumanja n'kumabwerera kumanzere, kapena n'kumakwera, mawu ake ndi omwewobe, mundondomeko yomweyo. Sikweyayi inapezeka itazokotedwa pakhoma ndi pachipilala m'mabwinja a mzinda wa Pompeii ku Italy, umene unakwiriridwa ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79 AD. Choncho ndi yakale kuposa chaka chimenecho. Zakale kwambirizo zimayamba ndi ROTAS n'kumalizira SATOR, koma kamangidwe kake n'kamodzi. Inapezekanso ku Cirencester ku England ndi ku Dura-Europos ku Syria, ndipo kwa zaka mazana ambiri anthu ankailemba pamakoma ndi pa zithumwa.

SATOR ndi wofesa mbewu, TENET ndi kugwira, OPERA ndi ntchito kapena khama, ROTAS ndi mawilo. Anthu ambiri amaimasulira kuti wofesa uja, dzina lake Arepo, wagwira mawilo mosamala. Vuto lili pa AREPO, chifukwa mawu amenewa sapezeka pena paliponse m'Chilatini. Kuti timvetse komwe anachokera, tiyenera kuwerenga ufulu umene womanga sikweyayi anali nawo.

Timabokosi tilipo 25, koma wolemba sasankha malembo 25. Akangolemba mzere woyamba, malembo asanu, mpanda wonse watha: mzere wotsika kumanzere ndi womwewo, wapansi ndi womwewo chobwerera, wakumanja chimodzimodzi. Pa mzere wachiwiri lembo loyamba ndi lomaliza aikidwa kale ndi mpanda uja, kotero amasankhapo atatu okha apakati, ndipo atatuwo amadzaza okha mpanda wamkati. Pa mzere wachitatu patsala kabokosi kamodzi kokha, kapakatikati, pamene pali N. Asanu, atatu ndi limodzi ndi malembo 9. Ndi malembo 9 amenewa ayenera kutulutsa mawu asanu: woyamba ndi wachisanu otembenuzana, wachiwiri ndi wachinayi otembenuzana, ndi palindiromu pakati.

Tsono taganizirani munthu uja ali ndi ROTAS ndi SATOR, mawu awiri abwino otembenuzana. Akufunika mawu oyamba ndi O n'kutha ndi A, ndipo OPERA akukwanira. Lembo lapakati la OPERA, lomwe ndi E, likumupatsa TE kumayambiriro kwa mzere wapakati ndi ET kumapeto, ndipo N yekha akumaliza TENET. Mawu anayi enieni apezeka. Wachisanu sanamusankhe, wangotuluka potembenuza OPERA. Akatswiri ambiri amaganiza kuti AREPO ndi chotsalira chotere, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa aliyense amene anayesapo kumanga sikweya yotere amadziwa mphindi imeneyo: zonse zalowa bwino, kwatsala mzere umodzi wopanda tanthauzo, ndipo mtima ukukuuza kuti ungoutcha dzina la munthu.

Pali chinthu china mu sikweyayi chimene maso amachidumpha. Malembo a liwu ndi opanda liwu akusinthana ngati mabokosi akuda ndi oyera. Mzere woyamba wayamba ndi lembo lopanda liwu n'kuthanso ndi lopanda liwu. Wachiwiri wayamba ndi la liwu n'kutha ndi la liwu. Kuti zimenezi zitheke, chilankhulo chiyenera kukhala ndi mawu othera pa lembo lopanda liwu, ngati R, T ndi S. Chilatini chili nawo ochuluka. Apa m'pamene nkhaniyi imafika pa ife.

Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, a, e, i, o kapena u. Ngakhale mawu obwereka timawaveka lembo la liwu kumapeto, ndiye chifukwa chake timati buku, sukulu, tebulo. Chotsatira chake choyamba n'chakuti palindiromu iliyonse ya Chichewa iyenera kuyamba ndi lembo la liwu, popeza lembo loyamba ndi lomaliza n'limodzi. Mawu otembenuzika nawonso ayenera kuyamba ndi lembo la liwu, chifukwa likatembenuka lembo limenelo ndilo lidzakhale kumapeto. Mawu ngati munthu, galu, bwera ndi lemba agwa kale mpikisano usanayambe.

Otsalawo si ochepa monga momwe munthu angaganizire. Mawu olozera zinthu zapafupi pafupifupi onse ndi mapalindiromu: uyu, awa, uwu, iyi, ili, izi, aka, iti, apa, uku, umu. Sizinangochitika mwangozi, kapangidwe kake ndi komweko: lembo la liwu la gulu la dzinalo limabwerezedwa kutsogolo. Mmodzi yekha ndiye wapatuka, ichi, ndipo tibwereranso kwa iye.

Mgodi weniweni uli m'aneni. Tengani mneni wa muzu wa malembo atatu, lopanda liwu, la liwu, lopanda liwu, mumuike a kumayambiriro monga timanenera za anthu amene achita kanthu. Mawuwo ayamba ndi a, atha ndi a. Ngati malembo awiri opanda liwuwo ali ofanana, mwapeza palindiromu: anena, alola, asesa, akoka, atuta, apopa. Mukabwereza tsinde monga timachitira posonyeza kuchita chinthu kambirimbiri, palindiromuyo imatalika osasweka: anenanena, akokakoka, malembo 9 m'mawu amodzi. Ngati malembo awiriwo ali osiyana, tembenuzani muone ngati mwagwera pa mneni wina. Akula amabala aluka. Atola amabala alota. Atema amabala ameta, apala amabala alapa, amata amabala atama. Amene ndimawakonda koposa ndi anama ndi amana, chifukwa kunama ndi kumana zimayendera limodzi ngakhale m'moyo, ndipo zimalola chiganizo chomveka: amana ana, anama. Chiwerengeni chobwerera lembo ndi lembo, mupeza chomwecho.

Komabe chiganizo chimenechi n'chosavuta kwenikweni, chifukwa malire a mawu akugwera pamalo omwewo mbali zonse ziwiri. Anthu odziwa masewerawa amalemekeza kwambiri palindiromu imene malire a mawu amasuntha mukatembenuza, monga ya Chingelezi ija yotchuka ya Leigh Mercer ya m'chaka cha 1948, “A man, a plan, a canal: Panama”. Mipata ndi zizindikiro za m'kalembedwe siziwerengedwa, malembo okha.

Yotereyi imamangidwa kuchokera kunja kulowa mkati, ndipo ndimaiona ngati nkhani ya ngongole. Mukalemba mawu kumanzere, kumanja kwakongola malembo omwewo chobwerera. Lembani ona. Kumanja kuyenera kuthera pa ano. Sakani mawu othera choncho: pano, mano. Mawu oti pano abweza ngongole yonse n'kutsala ndi lembo limodzi, p, ndipo lembo limodzi lotsala likhoza kukhala pakatikati popanda mnzake. Mwapeza ona pano, ndiponso ona mano. Mukanasankha mkangano, chotsala chikanakhala mkang, ndipo kumanzere kukanayenera kupitiriza ndi gnakm, zimene palibe mawu a Chichewa angazilandire. Njira imeneyo yafa, mubwerere.

Tiyeni tiyese yotalikirapo. Polamula anthu ambiri kapena munthu wolemekezeka, mneni amathera pa ani. Chobwerera, ani ndi ina, ndipo ina ndi chiyambi cha mneni wa nthawi yakale, monga inagwa, inapita. Ikani lukani kumanja. Kumanzere tili ndi ina, amene walipira ani, ndipo kwatsala luk. Tsopano wokongola ndi kumanzere, kuyenera kupitiriza ndi kul. Ina ndi kul akupempha okha lembo limodzi kuti akhale mawu, a, ndipo a ameneyo akhala pakati. Chatuluka ndi inakula, lukani. Malembo ndi 13, ndipo chili ndi tanthauzo ngati mukunena za milaza. Njira yomweyo imapereka ina nenani ndi ina kokani, pamene chotsala, nen kapena kok, ndi palindiromu pachokha.

Pali njira yachangu yodziwira ngati mwalakwitsa. Werengani kuti lembo lililonse labwera kangati. Mu palindiromu malembo onse amakhala awiriawiri, ndipo lololedwa kutsala lopanda mnzake ndi limodzi lokha, lapakati. Mu inakula lukani muli i awiri, n awiri, k awiri, u awiri, l awiri ndi a atatu. Mukapeza malembo awiri osiyana opanda anzawo, musavutike n'kusuntha mawu, sichingatheke. Kuyesa kumeneku kumagwira cholakwa koma sikutsimikiza kuti zonse zili bwino, choncho pomaliza ikani chala chimodzi pa lembo loyamba, china pa lomaliza, muziyendetse mpaka zikumane.

Cholakwa chovuta kuchigwira ndi cha malamulo a chilankhulo. Ine loleni ndi palindiromu yangwiro pa malembo, ndipo munthu akaipeza amasangalala. Koma Mchewa sanena choncho. Amati ndiloleni, kapena lolani ine. Malembo akwanira, Chichewa chatsimphina. Ameneyo ndi AREPO wathu, ndipo ine ndimati atayidwe. Kalembedwe nako kali ndi msampha wake. Lembo la l limalembedwa r likatsatira e kapena i, choncho alera ndi alira si mapalindiromu, ngakhale ambiri powatchula samva kusiyana pakati pa l ndi r. Pa chifukwa chomwecho alema satembenuka kukhala amera. Amene walemba alela kuti masewera amuyendere waphwanya kalembedwe.

Tibwerere kwa ichi. Pakamwa mawuwa ali ndi zigawo zitatu, i, ch, i, ndipo ndi ofanana ndi izi kapena ili. Papepala ali ndi malembo anayi, ndipo chobwerera ndi ihci. Chimodzimodzi anyanya, amene khutu limamumva ngati palindiromu koma diso limapeza aynayna. Chichewa chadzaza ndi timagulu ta malembo totere: ch, ph, th, kh, ny, ng', mb, nd, nkh, ndipo tonse timasweka tikatembenuzidwa. Vutoli si lathu lokha. Pa mabeseni a madzi a m'matchalitchi ena akale panalembedwa palindiromu ya Chigiriki yotanthauza kuti tsuka machimo, osati nkhope yokha. M'malembo athu imalembedwa “nipson anomemata me monan opsin”, ndipo mukaiyesa ndi zala ziwiri imasweka pa ps. M'Chigiriki siisweka, chifukwa ps ndi lembo limodzi. Palindiromu imadalira chimene mwagwirizana kuti ndicho chidutswa chimodzi.

Ndi zonsezi m'manja, tiyese kumanga sikweya ya SATOR m'Chichewa, lembo limodzi m'kabokosi kamodzi. Mzere uliwonse ndi mawu, choncho uthera pa lembo la liwu. Ndiye kuti timabokosi tonse ta kumapeto kumanja, kuyambira pamwamba mpaka pansi, tili ndi malembo a liwu okhaokha. Koma mzere wotsika umenewo uyenera kukhala mawu nawonso, ndipo chobwerera ndiwo mzere woyamba. Tikufuna mawu a malembo asanu opanda lembo lopanda liwu ngakhale limodzi, otembenuzikanso. Kulibe. Mukachepetsa sikweya kukhala ya mizere itatu kapena inayi, khoma lake ndi lomwelo.

Chimene chinandidabwitsa nditachiona koyamba n'chakuti vutoli silichokera pa kutembenuza kokha. Ngakhale sikweya wamba, imene imangofuna kuti mizere yopingasa ifanane ndi yotsika popanda kuwerenga chobwerera, imagwa pa chifukwa chomwecho: mzere womaliza uyenera kukhala wa malembo a liwu okhaokha. Choncho munthu amene wakhala masiku akulephera asaganize kuti sadziwa mawu okwanira. Ngakhale atatsegula dikishonale yonse, kapena kompyuta itayesa mawu onse mmodzimmodzi, yankho silipezeka, chifukwa choletsacho chili m'kapangidwe ka mawu enieniwo.

Njira yotulukira yaonekera kale pa nkhani ya ichi ija: tisinthe chidutswa. M'malo mwa lembo, kabokosi kalikonse kalandire phatikizo lathunthu, monga la, mbe, nkho. Sikubera kumeneku. Ku Japan mapalindiromu, amene amawatcha kaibun, amawerengedwa motero, chifukwa zilembo zawo za kana zimaimira phatikizo osati lembo limodzi. Mawu awo otanthauza pepala la nyuzi, shinbunshi, ndi palindiromu mukawadula shi, n, bu, n, shi, ngakhale m'malembo athu saoneka choncho. Chichewa chimamangidwa ndi maphatikizo othera pa lembo la liwu, ndipo ndi momwe ambiri tinaphunzirira kuwerenga. Phatikizo lililonse likhoza kukhala kumayambiriro kapena kumapeto kwa mawu, kotero khoma lija lagwa, ndipo mb ndi nd sakuswekanso chifukwa akuyenda athunthu m'kabokosi kawo.

Mawu ambiri amene anagwa poyamba aja adzuka. Lamula ndi la, mu, la. Kaduka, matama, kanika ndi nakana ndi mapalindiromu a maphatikizo. Palinso banja lonse la pomwepo, komweko, momwemo, zomwezo, chomwecho, lomwelo. Otembenuzika ndiye ambiri: lemba ndi mbale, limba ndi mbali, leka ndi kale, lipa ndi pali, nena ndi nane, koka ndi kako. Dziwani kuti awa ndi masewera awiri osiyana. Ana ndi palindiromu ya malembo, koma pa maphatikizo amasanduka na, a. Lamula pa malembo amasanduka alumal. Wokonza masewera anene poyera kuti akuwerenga ziti, apo ayi osewera akangana pachabe.

Sikweya yaing'ono kwambiri ndi ya timabokosi tinayi, ndipo mawu awiri aliwonse otembenuzana amaipanga:

le ka
ka le

Ya mizere itatu ndiyo yoyamba kufuna nzeru. Timabokosi tilipo 9, koma osankha ndi maphatikizo anayi okha: atatu a mzere woyamba ndi limodzi lapakatikati. Tikufuna mawu a maphatikizo atatu otembenuzika, ndi palindiromu yoyamba ndi phatikizo lapakati la mawu amenewo.

Poyambira pabwino si pakati, ngakhale mapalindiromu ndiwo osavuta kupeza. Yambani ndi chovuta, mawu otembenuzikawo, ndipo musawasake mwachisawawa. Funsani kuti ndi maphatikizo ati amene amakhala kumayambiriro kwa mneni komanso kumapeto kwa tsinde. Nda ndi chiyambi, monga mu ndapita, komanso ndi mathero a konda, yenda, landa, londa. Wa ndi chiyambi, monga mu wapita, komanso ndi mathero a lowa, sowa, lawa, thawa. Ndiye tikufuna phatikizo limodzi loti likhale pakati pa wa ndi nda mbali zonse ziwiri. Yesani ye: wayenda ali bwino, koma ndayewa palibe. Yesani po: waponda alipo, ndapowa palibe. Yesani la: walanda ndi ndalawa, onse ndi mawu. Mzere wapakati uyenera kuyamba ndi la n'kutha ndi la, ndipo lamula akudikira.

wa la nda
la mu la
nda la wa

Sikweyayi ndi yoona. Iwerengeni mbali zonse zinayi, mupeza walanda, lamula, ndalawa. Mawu onse atatu ndi Chichewa chenicheni, palibe AREPO. Chofooka chake n'chakuti mawuwo sakulankhulana, aliyense ali payekha. Tiyese phatikizo lina, lo. Walonda ndi ndalowa, onse alipo. Pakati pakufunika mawu oyamba ndi lo n'kutha ndi lo, ndipo banja lija la pomwepo lili naye.

wa lo nda
lo mwe lo
nda lo wa

Walonda lomwelo, ndalowa. Ngati tikunena za khomo, chiganizochi chikumveka chonse: mlonda wayang'anira khomo lomwelo, koma ine ndalowa. Maphatikizo anayi okha, wa, lo, nda ndi mwe, adzaza timabokosi 9 n'kunena kanthu. Banja la lomwelo ndi lothandiza kwambiri pa ntchitoyi chifukwa limapereka mzere wapakati wa po, ko, mo, zo, cho, lo ndi yo. Amene akufuna kupeza sikweya yakeyake ayambe ndi mawu otembenuzika okhala ndi limodzi la maphatikizo amenewa pakati.

Musanayambe kusewera ndi anzanu, pali zinthu ziwiri zoti mugwirizane, chifukwa kudula maphatikizo sikuli kopanda mikangano. Choyamba ndi m woima payekha, monga mu mlonda kapena mtengo. Potchula, m ameneyu ndi phatikizo lathunthu, lotsala pa mu, choncho mlonda ndi m, lo, nda, ndipo ayenera kulandira kabokosi kake. Zikatero mawu oyamba ndi m wotere satembenuzika, chifukwa m akanagwera kumapeto. Ndi chifukwa chake mbale yodyera, imene ili mba, le, imatembenuka kukhala lemba, pamene m'bale wanu, amene ali m, ba, le, satembenuka. Chachiwiri ndi malembo a liwu otsatizana. Zoona ndi zo, o, na, maphatikizo atatu. Amene wawadula zoo, na kuti akwanire m'timabokosi tiwiri wapeputsa lamulo, ndipo ngati mwamulola, mulole onse.

Kamvekedwe ka mawu, kukweza ndi kutsitsa liwu, sikalowa m'masewerawa. Sitikalemba, choncho sitikawerengera. Palindiromu ndi chinthu cha diso, ndipo mutajambula mawu a munthu akunena lamula n'kuwaseweretsa chobwerera pamakina, simungamve lamula.

Nanga ya mizere isanu, yofanana ndi SATOR yeniyeni? Ndi maphatikizo palibe lamulo loiletsa, koma kulemera kwake kumakwera msanga. Pakufunika magulu awiri a mawu otembenuzana a maphatikizo asanu, ndipo awiriwo ayenera kulumikizana: gulu lachiwiri liyambe ndi phatikizo lachiwiri la mzere woyamba n'kuthera pa lachinayi. Mawu aatali a Chichewa ali ndi dongosolo lolimba, zoimira wochita ndi nthawi kumayambiriro, muzu pakati, zowonjezera ngati tsa, dwa ndi na kumapeto. Mukawatembenuza, zakumapeto zimabwera kutsogolo kumene sizikhala. Pa maphatikizo atatu tinapulumuka chifukwa wa ndi nda amagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndipo pakati panali phatikizo limodzi lokha loti ligwirizane. Pa asanu, apakati ndi atatu, ndipo onse ayenera kumveka popita ndi pobwera.

Chothandiza ndi kulola kuti mzere umodzi ukhale ndi mawu awiri, monga a maphatikizo awiri ndi a maphatikizo atatu, malinga mzerewo uyambe pamene mawu ayambira n'kuthera pamene mawu athera. Apa ngongole ija ya ona pano imabweranso, koma yowerengedwa m'maphatikizo. Ya mizere inayi ndiyo sitepe yotsatira yoyenera kuyesa. Ili ndi timabokosi 16, osankha ndi maphatikizo 6, ndipo ilibe palindiromu pakati, imangofuna mizere iwiri yotembenuzika. Mukayamba ndi leka mbali pamzere woyamba, wapansi ukhala limba kale, ndipo mpanda wonse watha. Mzere wachiwiri uyenera kuyamba ndi ka n'kuthera pa mba, wachitatu uyambe ndi mba n'kuthera pa ka, ndipo maphatikizo awiri apakatiwo ndiwo atsala kuti muwapeze.